Bwanji e^x sasintha tikamudifarenshiyeta?

Tamandani:
Anzanga pali chinthu chandisowetsa mtendere mu kalikyulasi. Atiphunzitsa kuti delivetivu ya x^3 ndi 3x^2, ya sin x ndi cos x, chilichonse chimasintha, koma titafika pa e^x angolemba kuti delivetivu yake ndi e^x yemweyo basi nkupitirira. Ndaloweza inde koma sindikumvetsa, chifukwa chani iyeyo sasintha? ndipo nambala ya 2.718 imeneyi anaitola kuti, bwanji osangotenga 2 kapena 10 zomwe tinazizolowera

Yamikani:
Zimenezo nzophweka asisi, ma ekisiponenshiyo onse amatero. 2^x, 10^x, e^x, akamakula kukula kwakenso kumakula, nde delivetivu imangobwerera pomwepo. e anangomusankha poti ndi amene ali pa kakyuleta

Limbani:
Ayi Yami pamenepo wapita patali. Tenga 2^x pa x = 3, girafu ili pa 8. Sunthako pang'ono ufike pa 3.001, kakyuleta ikupatsa 8.005547. Yakwera ndi 0.005547 pa mtunda wa 0.001, ukagawa ukupeza 5.547 osati 8. Ikanakhala kuti delivetivu ya 2^x ndi 2^x tikanapeza 8

Yamikani:
koma ndimanena kuti mawonekedwe ake ndi omwewo

Aphunzitsi Banda:
Moni nonse. A Yamikani agwira theka la nkhaniyi, ndipo theka limenelo ndi lofunika, tisalitaye. A Tamandani, tengani pepala tiyambire pa chiyambi penipeni, osagwiritsa ntchito lamulo loloweza. Tiyeni titenge a^x pomwe a ndi nambala iliyonse yoposa ziro, e timuiwale kaye. Delivetivu timaipeza posuntha pang'ono ndi h, nkuona kuti fankishoni yakwera bwanji, nkugawa ndi h:

(a^(x+h) − a^x) / h

Tsono kumbukirani lamulo la ma indisezi lija la ku sekondale, lakuti a^(x+h) ndi a^x kutaimusa a^h. Mukalowetsa pamenepo muona kuti a^x ali mbali zonse ziwiri za mainasi, ndiye atuluka panja:

a^x × (a^h − 1) / h

Imani pamenepa muyang'anitsitse. Chidutswa chakumanjacho, (a^h − 1)/h, mulibe x m'kati mwake ngakhale pang'ono. Kaya muli pa x = 3 kaya pa x = 50, chidutswacho nchimodzimodzi, ndipo h akamachepa kupita ku ziro chimakhazikika pa nambala imodzi yomwe imadalira a yekha. Ndiye delivetivu ya a^x ndi a^x yemweyo kutaimusa nambala ina yosasintha. Apa ndi pamene a Yamikani alondola. Pomwe aphonya mpakuti nambala imeneyo si 1 nthawi zonse. Kwa 2 ndi 0.693, nchifukwa chake a Limbani apeza 5.547, poti 8 × 0.693 ndi 5.54 ndi kanthu.

Tamandani:
Aphunzitsi pamene a^x watuluka panja ndapamva bwino. Nde nambala yosasinthayo kwa 3 ndi zingati

Mphatso:
Ndangoyiponya mu Python pa foni, aliyense atha kuyesa

```
for a in (2, 2.5, 2.7, 2.72, 3):
    print(a, (a**0.001 - 1) / 0.001)
```

2 ikupereka 0.6934, 2.5 ikupereka 0.9167, 2.7 ndi 0.9937, 2.72 ndi 1.0011 ndipo 3 ndi 1.0992. Nde mukuona kuti 2 akuperewera, 3 akupyola, 1 weniweni ali penapake pakati pa 2.7 ndi 2.72

Aphunzitsi Banda:
Zikomo a Mphatso, mwatifupikitsira ulendo. Ndiye yankho la funso lanu a Tamandani ndi limeneli: pa manambala onse omwe tingaike pa a, ilipo imodzi yokha yomwe chidutswa chija chimatera pa 1 ndendende, ndipo imeneyo ndi imene tinaipatsa dzina lakuti e. Palibe amene anayamba wasankha 2.718 kenako nkudabwa kuti delivetivu sikusintha. Mukafunsa kuti ndi a uti amene girafu yake imadutsa pa (0, 1) ndi silopu ya 1, yankho limatuluka lokha 2.71828 ndi manambala ena osatha. Ndipo chifukwa a^x anatuluka panja paja, silopu ikangokhala bwino pa x = 0 ndiye kuti yakhala bwino paliponse. Yesani pa x = 2: e^2 ndi 7.389056, e^2.001 ndi 7.396449, kusiyana kwake mukagawa ndi 0.001 mupeza 7.393. Msinkhu wa girafu ndi silopu yake zangotsala pang'ono kufanana, ndipo kotsalako kakutha h akamachepa.

Thoko:
Pepani ndalowa mochedwa. e amene mukunenayu ndi uja amatuluka pa kakyuleta yankho likakula kwambiri eti, ngati 3.2E8? ine ndimadziwa kuti ameneyo ndi 10 tu osati 2.7

Limbani:
Ayi achemwali ameneyo ndi wina. 3.2E8 akungotanthauza 3.2 × 10^8, ndi kalembedwe chabe. Wathuyu ndi wamng'ono uja ali pa batani la ln, umadina SHIFT kenako ln nde imabwera e^x. Dinani e^1 muone

Thoko:
yapereka 2.718281828. nde ikubwerezatu 1828 1828, si fulakishoni imeneyi?

Aphunzitsi Banda:
Maso akuthwa a Thoko, koma kubwerezako kumathera pomwepo. Manambala otsatira ndi 459045, ndipo sabwerezanso mwandondomeko. Katswiri wa masamu Leonhard Euler anatsimikiza mu 1737 kuti e sangalembedwe ngati fulakishoni ya manambala athunthu.

Tamandani:
Komabe aphunzitsi mtima sunakhazikike. Ndamva kuti e ndi amene amapangitsa chidutswa chija kukhala 1, chabwino, koma zikumveka ngati tangomupanga dala kuti zitiyendere. Mu buku lathu analemba kuti e ndi limiti ya (1 + 1/n)^n, nde zimenezi zikukumana pati ndi za silopuzi? ndikuona ngati ndi nkhani ziwiri zosiyana zomwe zangokhala ndi nambala imodzi mwangozi

Aphunzitsi Banda:
Funso ili ndi limene ndimalidikira. Si ngozi, ndi chinthu chimodzi. Tanena kuti tikufuna (a^h − 1)/h akhale pafupi ndi 1 h akachepa. Taimusani mbali zonse ndi h, muwonjezere 1, mupeza kuti a^h ali pafupi ndi 1 + h. Kuti a atsale yekha, kwezani mbali zonse ku pawa ya 1/h, ndiye a ali pafupi ndi (1 + h)^(1/h). Tsopano mmalo mwa h lembani 1/n. Mwafika pa (1 + 1/n)^n ya m'buku lanu ija. Yesani h = 0.1, mupeza 1.1^10 yomwe ndi 2.5937. Pa h = 0.01 mupeza 2.7048, pa h = 0.001 mupeza 2.7169, ikukwawa pang'onopang'ono kupita ku 2.71828.

Koma pali njira ina yoonera yomwe ine ndimaikonda kuposa imeneyi. Tiyerekeze kuti e simunamumvepo, mwangouzidwa kuti pali fankishoni yoyambira pa 1 yomwe silopu yake nthawi zonse imafanana ndi msinkhu wake, ndipo mukufuna kudziwa kuti pofika x = 1 ikhala pati. Msinkhu ndi 1, silopu ndi 1, mukayenda ulendo wonse osayang'ananso mufika pa 2. Koma mwanama, chifukwa m'njiramo msinkhu umakwera ndiye silopu imayeneranso kukwera. Ndiye dulani pawiri: theka loyamba muchoka pa 1 kufika pa 1.5, pamenepo silopu yasanduka 1.5, theka lachiwiri muwonjezera 0.75 kufika pa 2.25. Sitepe iliyonse mukutaimusa ndi 1.5, ndiye kuti (1 + 1/2)^2. Mukadula kanayi ndi 1.25^4 yomwe ndi 2.4414. Mukadula ka n ndi (1 + 1/n)^n. Kotero fomula ya m'bukuyo ndi zomwe zimachitika mukamatsatira lamulo la silopu kufanana ndi msinkhu, phazi ndi phazi.

Tamandani:
Eee apa nde ndamva. 2.25 uja akuperewera chifukwa tinakonza silopu kamodzi kokha m'njira, e ndi pamene tikuikonza mosalekeza

Mayi a Dalitso:
Ine masamu anuwa ndinawasiya kalekale koma zomwe mukunenazi zikufanana ndi mkangano womwe tinali nawo ku banki nkhonde yathu. Ife timabwereketsa pa 20 peresenti pa mwezi, nde mayi wina anatenga K50,000 nkukhala miyezi isanu osabweza, ena amati abweze K100,000 poti 20 kasanu ndi 100 peresenti, ena amati ayi chiwongoladzanja chomwe sanapereke chija nachonso chimabereka. Nde e wanuyu akuti abweze zingati aphunzitsi

Mphatso:
Mayi nkhani yanuyi yagwera pa fomula yomweyi ndendende. Ngati chiwongoladzanja chikuberekanso mwezi ndi mwezi ndi 1.2 kutaimusa kasanu, 1.2^5 = 2.48832, nde K124,416. Ndipo 1.2^5 ndi (1 + 1/5)^5, n wathu uja ali 5

Aphunzitsi Banda:
Zoona a Mphatso. Koma Mayi a Dalitso, e sangakuweruzireni mlanduwo, zimenezo zili m'malamulo omwe munagwirizana pa gulu lanu. Ngati munati chiwongoladzanja chimawerengedwa pa ndalama yoyamba yokha ndi K100,000, ngati munati chimaphatikizidwa pakutha pa mwezi ndi K124,416. e amalowa pokhapokha 100 peresenti yomweyo mukamaiduladula nkumaphatikiza tsiku lililonse, ola lililonse, mpaka mosalekeza, ndipo ngakhale mutatero ngongoleyo singapyole K50,000 × e, yomwe ndi K135,914. Anthu ambiri amaganiza kuti ukamaphatikiza pafupipafupi ndalama ikula mopanda malire, koma ili ndi denga. Funso limeneli ndi lomwe Jacob Bernoulli wa ku Basel anafufuza mu 1683, ndipo anaonetsa kuti dengalo lili pakati pa 2 ndi 3. Chilembo e chinabwera pambuyo ndi Euler, chimapezeka m'kalata yake yopita kwa katswiri mnzake Goldbach ya mu 1731.

Mayi a Dalitso:
Malamulo athu sananene chilichonse pa zimenezo, mpake tinakangana. Zikomo ndikawauza kuti tilembe

Yamikani:
Ine ndibwerere kumbuyo pang'ono. Bwanji osangogwiritsa pawa rulu, tsitsa pawa uchotse 1, e^x ikhale x·e^(x−1)? e ndi nambala, x ndi pawa, vuto lili pati

Limbani:
Vuto ndi loti pawa rulu imagwira x akakhala pansi ndipo pamwamba pali nambala yokhazikika, ngati x^3. Apa zatembenuka, pansi ndi pokhazikika x ali pamwamba. Ndipo utha kudzigwira wekha osafunsa munthu, ika x = 0 mu x·e^(x−1) upeza 0, kutanthauza kuti girafu yagona pa x = 0, pomwe tonse taona kuti ikukwera ndi silopu ya 1. Ika x = −1 upeza nambala ya negativu, kutanthauza kuti ikutsika, chonsecho e^x satsika paliponse. Koma x^e nde pawa rulu igwira bwinobwino, ndi e·x^(e−1)

Thoko:
Nanga e^(2x)? nayonso ndi e tu, nde sisintha?

Limbani:
imeneyo imasintha, ndi 2e^(2x). Ganiza chonchi, e^(2x) ndi (e^2)^x, nde a wako salinso e koma 7.389, nambala yake yosasintha ija ndi 2

Aphunzitsi Banda:
Ndipo zimene a Limbani anenazi mukazitembenuza zikuuzani komwe 0.693 uja anachokera. Funsani kuti e timukweze ku pawa yanji kuti atipatse 2. Yankho ndi 0.693, ndiye ln 2 ameneyo. Kotero 2^x ndi e^(0.693x), ndipo tcheni rulu ikutsitsa 0.693 kutsogolo. Chimodzimodzi 3^x ndi e^(1.0986x), 10^x ndi e^(2.3026x). Nchifukwa chake m'buku analemba kuti delivetivu ya a^x ndi a^x × ln a.

Limbani:
Aphunzitsi ndi ulemu wonse, apa ndi pamene ine ndimakanira. Ndaonapo anthu akulemba kuti delivetivu ya a^x ndi a^x ln a, nde poti ln e = 1 basi tatsimikiza kuti e^x sasintha. Kumeneko ndi kuzungulira, chifukwa fomula ya ln a yo mwaipeza pogwiritsa ntchito delivetivu ya e^x yomweyo. Komanso ngakhale njira yanu yoyamba ija, tangoona pa kakyuleta kuti manambala akuyandikira 0.693, sitinaonetse kuti limiti ilipodi, ndipo paja munati a^h ali pafupi ndi 1 + h kenako nkukweza ku 1/h, pawa imeneyo ikukula mopanda malire nde kakusiyana kakang'ono kangathe kukula nako

Aphunzitsi Banda:
Zonse ziwiri mwanena zoona a Limbani. Zomwe ndapereka ndi chifukwa chake, umboni wathunthu umafuna zambiri. Kuti limiti ija ilipo zimachokera pakuti girafu ya a^x imapindikira mmwamba paliponse ndipo ilibe kona, ndipo kuonetsa zimenezo bwinobwino ndi ntchito ya analisisi. Nchifukwa chake mabuku ambiri a chaka chachiwiri amayambira kwina, amati e^x ndi mndandanda uwu:

1 + x + x^2/2 + x^3/6 + x^4/24 + ...

Difarenshiyetani chimodzichimodzi ndi pawa rulu ya a Yamikani ija, apa ndi pamalo pake. 1 asowa, x asanduka 1, x^2/2 asanduka x, x^3/6 asanduka x^2/2. Chilichonse chalowa pa malo a mnzake wakumanzere, ndipo poti mndandandawo sutha, mwabwerera pomwe munayambira. Mukaika x = 1 nkumaphatikiza mupeza 1, 2, 2.5, 2.6667, 2.7083, 2.7167, 2.7181. Onani mmene ikufulumirira poyerekeza ndi (1 + 1/n)^n yomwe pa n = 1000 inali idakali pa 2.7169. Komabe nayonso njira iyi ili ndi ngongole yake, muyenera kuonetsa kuti nkololedwa kudifarenshiyeta mndandanda wosatha chimodzichimodzi, komanso kuti chinthu chimenechi chimamveradi malamulo a ma indisezi.

Mphatso:
Pa za kakyuleta ndiwonjezereko, musamachepetse h mopyola muyeso poganiza kuti yankho likhala labwino. Mu Python mukaika 1e-16 mmalo mwa 0.001, pa a = 2 ikupatsani 0.0 chifukwa kompyuta imasunga manambala pafupifupi 16 okha nde 2^h imangomuona ngati 1, mukachotsa 1 palibe chotsala. Wina atha kuganiza kuti limiti ndi ziro

Tamandani:
Nde pa mayeso akati tsimikizani ndilembe iti? komanso kodi e^x ndi yekhayo amene sasintha kapena alipo ena

Aphunzitsi Banda:
Pa mayeso yambirani pa tanthauzo la e lomwe anakupatsani m'kalasi, ndipo mulilembe pamwamba kuti wochonga aone pomwe mwaima. Za ena, alipo koma onse ndi a banja limodzi. 5e^x sasintha, −3e^x sasintha, ngakhale 0 amene. Kunja kwa C·e^x kulibe wina, ndipo umboni wake ndi waufupi. Tengani f aliyense amene delivetivu yake ndi iye mwini, mumutaimuse ndi e^(−x). Purodakiti rulu ikupatsani f·e^(−x) kuchotsa f·e^(−x), yomwe ndi ziro. Chinthu chomwe delivetivu yake ndi ziro paliponse ndi nambala yokhazikika, itcheni C, ndiye f ndi C·e^x. Nchifukwa chake e amatulukira paliponse pomwe chinthu chikukula kapena kuchepa molingana ndi kuchuluka kwake, ngati kapasita ikamatsitsa chaji kudzera mu resisita.

Yamikani:
Nde mwandibwezera pomwe ndinayambira aphunzitsi. Ngati 2^x ndi e^(0.693x) ndiye kuti girafu ndi imodzi, tangoikoka cham'mbali. Ndikanatha kulemba zonse ndi 2 osamufuna e. A kompyuta amagwiritsa ntchito 2, a pH amagwiritsa ntchito 10, zinthu zikuyenda. Ine ndikuona kuti e ndi wongofewetsa ntchito basi ngati ma radiyani, ukagwiritsa ma digiri delivetivu ya sin imabwera ndi π/180 kutsogolo koma sikuti yalakwika

Limbani:
Koma 0.693 wakoyo ndi ln 2, e wabisala momwemo. Ungamuthawe polemba koma ukangodifarenshiyeta atulukira. 10 tinamusankha chifukwa cha zala, 2 chifukwa cha ma switchi, koma e palibe anamusankha, munthu aliyense amene angafunse za silopu yofanana ndi msinkhu apeza nambala yomweyi

Yamikani:
nayenso 2 amatuluka ukafunsa za kuwirikiza kawiri, zimangotengera funso lomwe wafunsa

Aphunzitsi Banda:
Pamenepa ine ndikutsamira kwa a Limbani, ngakhale fanizo la ma radiyani ndi labwino ndithu. Kuwirikiza kawiri mwasankha nokha, mukanatha kunena katatu. Funso la silopu lilibe nambala yomwe mwalowetsamo ndi dzanja lanu.

Yamikani:
muli 1 tu aphunzitsi, munati silopu ikhale 1 kutaimusa msinkhu. Ine sindinagonje

Thoko:
Inu pitirizani, ine ndili ndi lina. Nanga x^x? x ali pansi ali pamwamba, pawa rulu ikupereka x·x^(x−1) yomwe ndi x^x, lamulo la a^x likupereka x^x·ln x, nditenge liti

Limbani:
Palibe mwa awiriwo. Lemba x^x ngati e^(x·ln x) kenako tcheni rulu, upeza x^x·(ln x + 1). Pa x = 2 ndi 4 × 1.693 = 6.77

Mphatso:
ndayesa ndi h = 0.001 yapereka 6.779, zikugwirizana. Koma taonani, yankho la Limbani ndi mayankho awiri olakwika a Thoko aja mutawaphatikiza, x^x kuwonjezera x^x·ln x. Zangochitika kapena pali chifukwa aphunzitsi?

Aphunzitsi Banda:
Chifukwa chilipo, chikukhudza ma pashiyo delivetivu omwe a Tamandani sanafikepo. Yesani kaye pa x^(2x) muone ngati kuphatikizako kukugwirabe, mutiuze zomwe mwapeza.